Kusowa kwa mapepala: cimene cimatsekereza alendo ndi othawa kwao pofuna nchito ku Chifunda

CHAMA – Dera la Mfumu Chifunda lili m'cigwa ca Luangwa, kum'mwera kwa boma la Chama, moyang'anana ndi nkhalango yosungirako nyama ya North Luangwa. Anthu ambiri kumeneko amadalira ulimi wa mpunga, cimanga ndi thonje, ndipo nchito zolandira malipiro a pamwezi n'zowerengeka. Zimapezeka kusukulu, kucipatala, kumisasa ya alendo odzaona nyama, m'gulu la alonda a nyama olembedwa ndi kabungwe ka anthu a m'deralo, ndiponso kwa makontrakitala omanga zipinda zophunziriramo ndi nyumba za aphunzitsi. Pafupifupi onsewa, asanafunse cimene munthu adziwa kucita, amayamba afunsa reji.

Ku Chifunda kulibe msasa wa anthu othawa kwao. Misasa ya m'dziko lino ndi Mayukwayukwa ku Kaoma, umene unatsegulidwa mu 1966, Meheba ku Kalumbila wa mu 1971, ndi Mantapala ku Nchelenge wa mu 2018. Mlendo wofika m'cigwa ca Chama kawirikawiri amakhala wocokera ku Malawi, pakuti boma la Chama licita malire ndi dzikolo, ndipo mabanja a Asenga ndi Atumbuka akhala akukwatirana mbali zonse ziwiri kuyambira malirewo asanalembedwe. Munthu wotere amalankhula cinenero cimodzimodzi ndi eni mudzi, ali ndi abale m'mudzimo, ndipo palibe amamuona ngati mlendo kufikira tsiku limene apita kukafunsira nchito.

Anthu amangoti “alibe mapepala”, koma mau amenewa abisa zinthu zitatu zosiyana. Pali pepala lonena kuti munthuyo ndani. Pali pepala lomulola kugwira nchito m'dziko la Zambia. Ndipo pali pepala losonyeza zimene anaphunzira kapena kumene anagwirako nchito. Ambiri amathera ndalama ndi miyezi pothamangira lacitatu, pamene cimene cawatsekereza ndi loyamba kapena laciwiri.

Reji ndi mitundu yake

Munthu aliyense wokhala m'dziko lino ayenera kulembetsa ndi kutenga citupa akakwanitsa zaka 16. Citupa cobiriwira ndi ca nzika za Zambia. Capinki ndi cabuluu zimapatsidwa kwa alendo okhala muno mololedwa, malinga ndi dziko limene acokera. Nambala yotsiriza ya pa reji nayonso imaulula zomwezo: 1 ndi nzika, 2 ndi 3 ndi alendo. Wolemba nchito wozolowera amangoyang'ana pa nambala imeneyo n'kudziwa ngati afunika kufunsanso cilolezo cina.

Reji siithera pa tsiku lolembedwa nchito pokha. Nambala yake ndi imene wolemba nchito amagwiritsa polembetsa wanchito ku NAPSA, thumba la penshoni, ndipo imafunikanso potsegula akaunti kubanki kapena polembetsa nambala ya foni yolandirirapo malipiro. N'cifukwa cake kontrakitala wofuna kutsata lamulo amabweza munthu wopanda reji ngakhale atamuona ndi maso kuti ndi katswiri.

Citsanzo ca mmisiri womanga

Tiyerekeze mnyamata wobadwa mu 1998 ku Rumphi m'dziko la Malawi. Atate ake anali a ku Malawi, amai ake ndi a m'mudzi wina wa kwa Chifunda ndipo ali ndi reji yobiriwira imene anatenga asanakwatiwe. Atate atamwalira, amai abwerera kwao ndipo mnyamatayo awatsatira. Wamanga nyumba kwa zaka zisanu ndi ciwiri, koma sanalowepo m'sukulu ya zaumisiri. M'thumba ali ndi citupa ca ku Malawi cokha, mwa zija zinayamba kuperekedwa mu 2017. Kontrakitala womanga zipinda za sukulu afuna omanga, ndipo wamuuza kuti abwere ndi reji.

Funso loyamba si lakuti atenge bwanji cilolezo ca nchito, koma lakuti kodi iye ndi mlendo n'komwe. Malamulo oyendetsera dziko, monga anakonzedwera mu 2016, akuti munthu wobadwira kunja ndi nzika ya Zambia mwa mtundu ngati pa tsiku limene anabadwa mmodzi mwa makolo ake anali nzika mwa kubadwa kapena mwa mtundu. Sanena kuti kholo limenelo liyenera kukhala tate. Kukonzedwa komweko kunalolanso munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Motero mnyamatayu safunika cilolezo ciri conse ca nchito. Cimene asowa ndi umboni wa cinthu cimene ali naco kale.

Umboni umenewo umasonkhanitsidwa pang'onopang'ono. Cofunika koposa ndi reji ya amai ake, ndi amai akewo pamaso, pakuti wolembetsa amafuna kholo kapena wacibale weniweni wolumbira kuti mwanayo ndi wake ndi kuti anabadwa liti ndiponso kuti. Kenaka kalata ya a nyakwawa a m'mudzi wa amaiwo, yotsimikiza kuti banjalo lidziwika ndipo lili m'kaundula wa mudzi. Cikalata ca kubadwa cikakhalapo cimathandiza kwambiri. Cikasowa, khadi ya kusikelo, kalata ya ubatizo kapena mapepala a kusukulu ya pulaimale zimacirikiza tsiku lobadwa ndi maina a makolo. Ndi zimenezi apite ku ofesi yolembetsa anthu ku boma la Chama. Popeza wapitirira kwambiri zaka 16 ndipo anabadwira kunja, ayembekezere mafunso ambiri kuposa mwana wa sukulu, ndipo nkhani yake ingatumizidwe kwa akuluakulu a ofesiyo isanagamulidwe. Izi sizitanthauza kuti wakanidwa.

Pali njira yacidule imene abale okonda munthu amamulangiza, ndipo ndi imene imaononga. Amalume amati angomulumbirira ngati mwana wao wobadwira m'mudzi momwemo, kuti mafunso acepe. Reji ingatuluke, koma idzakhala ndi dzina la atate ena, mudzi wina, mwinanso caka cina cobadwa. Tsiku limene mnyamatayo adzatulutsa pepala lina liri lonse la ku Malawi, maina sadzagwirizana, ndipo pepala loona lidzaoneka ngati labodza cifukwa ca reji. Kunena zabodza polembetsa ndi mlandu kwa wolembetsayo ndi kwa womulumbirira yemwe. Comvetsa cisoni n'cakuti munthu wotere anali ndi ufulu wotenga reji mwa coonadi, koma wadziika m'gulu la oba unzika.

Ngakhale kwa onena zoona, kalembedwe ka maina kamagwetsa ambiri. Dzina limodzi lingalembedwe mosiyana pa khadi ya kusikelo, pa setifiketi ndi pa citupa, kapena munthu anagwiritsa dzina la agogo kusukulu ndi la atate kuchalichi. Ndi bwino kuika mapepala onse pamodzi ndi kuwerenga cilembo ndi cilembo asanakwere galimoto. Pamene pali kusiyana, cikalata columbira pamaso pa wolumbiritsa wovomerezedwa, conena kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndico cimagwirizanitsa. Ulendo wocoka ku Chifunda kupita ku boma si wobwereza kawiri popanda cifukwa, ndipo mvula ikayamba mitsinje ya m'cigwa imadula njira kwa masiku kapena masabata.

Zinthu zikadakhala zina ngati Mzambia m'banjamo anali agogo okha, amai ake ali nzika ya Malawi. Pamenepo mnyamatayo ndi mlendo pamaso pa lamulo ngakhale manda a makolo ake ali kwa Chifunda. Kukwatira mkazi wa m'mudzimo pakokha sikumusandutsa nzika. Malamulo a mu 2016 amangomupatsa mwai wopempha unzika pambuyo pa zaka zisanu za ukwati akukhala muno, kapena zaka khumi zokhala m'dziko mololedwa.

Cilolezo cimene munthu sangadzitengere yekha

Apa ndi pamene khoma lenileni lili. Nzika ya Malawi imalowa m'Zambia popanda viza, ndipo mlendo wamba amaloledwa masiku osapitirira 90 pa caka. Okhala m'mphepete mwa malire angaolokenso ndi kapepala ka pamalire kokaonera abale kapena kukagula zinthu. Zonsezi n'zoceza, si zogwirira nchito.

Lamulo loona za olowa ndi kutuluka m'dziko la mu 2010 linaika kuti cilolezo ca nchito cipemphedwe ndi wolemba nchito, osati wofuna nchito. Wolembayo amapereka kalata yofotokoza cifukwa cimene afunira mlendo, pangano la nchito, makope otsimikizidwa a masetifiketi ndi pasipoti ya munthuyo, ndi umboni wakuti analengeza nchitoyo koma sanapeze nzika yoikwanitsa. Amalipiranso ndalama zocuruka. Cilolezoco cimamangidwa pa wolemba nchito mmodzi ndi nchito imodzi. Munthu akasintha malo, nkhani iyambiranso.

Dongosolo limeneli linapangidwira dokotala, injiniya wa kumigodi kapena mkulu wa kampani. Palibe kontrakitala wa ku Chama amene angalembe kuti wasowa nzika yodziwa kumanga njerwa, pakuti si zoona. Kotero kwa mlendo wa nchito zamanja, kuonjezera masetifiketi sikutsegula khomo limeneli. Amene amamulonjeza kuti amukonzera cilolezo akangolipira ndalama zakuti, popanda wolemba nchito ali yense wochulidwa, akumubera. Cizindikiro cake n'comweco: cilolezo coona cimakhala ndi dzina la wolemba nchito.

Othawa kwao ali ndi njira yaoyao

Wothawa kwao, mwa lamulo, ndi munthu amene wathawa nkhondo kapena cizunzo. Wothawa njala kapena ulova sawerengedwa m'gulu limeneli, ngakhale mavuto ake akule bwanji. Lamulo la othawa kwao la mu 2017, limene linalowa m'malo mwa la mu 1970, likuti wofuna citetezo adzionetse kwa akuluakulu a boma pasanathe masiku asanu ndi awiri cilowereni m'dziko. Nkhani zao zimayendetsedwa ndi ofesi ya Kamishinala wa othawa kwao, pansi pa unduna woona za m'dziko, mothandizana ndi bungwe la UNHCR. Wovomerezedwa amapatsidwa citupa ca wothawa kwao, cimene cimayankha funso lakuti iye ndani ngakhale pasipoti yake inatsala m'nyumba yotenthedwa.

Koma citupaco si cilolezo ca nchito. Pamene Zambia inalowa m'pangano la maiko onse la mu 1951 lonena za othawa kwao, mu 1969, inakana kumangidwa kotheratu ndi ndime zina, kuphatikizapo ya nchito yolipidwa ndi ya ufulu wokhala kuli konse. Zotsatira zake n'zakuti wothawa kwao amayembekezeredwa kukhala kumsasa, amafunika cilolezo kuti akhale kwina, ndipo pofuna nchito yolembedwa amadutsa pa cilolezo ca nchito monga mlendo wina ali yense, ndi kalata yomucirikiza yocokera kwa Kamishinala. Boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya othawa kwao mu 2023 n'kuikhazikitsa poyera mu Januwale 2024, ndi colinga cofewetsa zina mwa zimenezi. Ndondomeko imasonyeza kumene boma lifuna kupita, koma wogwira nchito pa ofesi amatsata lamulo lolembedwa, motero ndi bwino kufunsa ofesi ya Kamishinala zimene zikugwira nchito pa nthawiyo munthu asanacoke kumsasa kupita kutali monga ku Chama.

Cigawo ca kum'mawa cidziwa bwino nkhani zotere. Msasa wa Ukwimi, umene kale unali m'boma la Petauke, unasunga anthu zikwi zambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique kuyambira ca m'ma 1987 kufikira pamene anabwerera kwao mtendere wa mu 1992 utakhazikika. Malowo anasanduka mudzi wa alimi, ndipo sukulu ya zaumisiri ya Ukwimi ili kumeneko.

Pamene setifiketi inatsala kumbuyo

Mwa mapepala atatu aja, la maphunziro ndi limene likonzeka mosavuta, ngakhale ndi limene anthu amalira nalo kwambiri.

Amene analemba maeso muno n'kutaya setifiketi sanataye zotsatira zake, pakuti bungwe la maeso la ECZ limasunga kaundula. Amafunika lipoti la apolisi lonena za kutayikako, cikalata columbira, dzina la sukulu, caka cimene analemba, ndiponso nambala ya maeso ngati aikumbukira. Amene analemba ku Malawi ayenera kupempha umboni wa zotsatira zake ku bungwe la MANEB, pakuti palibe ofesi ya muno imene ingalembe m'malo mwake. Mapepala ocokera kunja amatsimikizidwa ndi kuyerekezedwa ndi a muno, ndipo bungwe la ZAQA, lokhazikitsidwa mwa lamulo la mu 2011, ndilo limaona za zimenezi. Kutsimikiza kumatanthauza kufunsa sukulu kapena bungwe limene linapereka pepalalo ngati n'loona.

Nanga ngati sukuluyo inagwa, kapena ili m'dera la nkhondo ndipo palibe woyankha kalata? Pa vuto ili dziko la Zambia linakhala loyamba kuyesa njira ina. Mu Disembala 2019, kumsasa wa Meheba, bungwe la UNESCO mogwirizana ndi ZAQA, UNHCR ndi akatswiri a ku Norway linayesa cimene cimachedwa pasipoti ya maphunziro. Anthu 30 anaunikidwa ndipo 11 anailandira. Munthu amayamba ndi kuyankha mafunso olembedwa onena za maphunziro ake onse, amapereka ciri conse cimene anapulumuka naco, kaya ndi khadi ya kusukulu kapena cithunzi ca setifiketi, kenaka amakhala pansi ndi akatswiri odziwa dongosolo la maphunziro la dziko lake. Iwo amamufunsa za maphunziro amene anatenga, kutalika kwake, mmene maeso anali kulembedwera ndi zina zimene wophunzira weniweni yekha angadziwe. Wodzinamiza amagwidwa pa tinthu tating'ono totere.

Pasipoti imeneyi imagwira nchito zaka zisanu, ndipo malire ake ayenera kumveka bwino. Ndi umboni wa akatswiri wonena kuti n'zokhulupirika kuti munthuyu anafika pa mlingo wakuti. Si setifiketi, si citupa, ndipo siilowa m'malo mwa kulembetsa ku mabungwe a nchito zotetezedwa. Mphunzitsi wothawa ku Congo amene waipeza afunikabe kulembetsa ku bungwe loona za aphunzitsi, ndipo namwino ku bungwe la anamwino ndi azamba. Akadutsa pamenepo apezanso cilolezo ca nchito cimudikira. Nchito za boma nazo, monga pamene aphunzitsi 30,496 analembedwa mu 2022, zimafuna reji yobiriwira. Pasipotiyo imathandiza kwambiri popitiriza maphunziro ndi pokhutiritsa wolemba nchito amene si boma.

Kwa mmisiri wathu uja njira ndi yaifupi. Bungwe la TEVETA limayesa anthu luso la manja pa milingo itatu, kuyambira wacitatu kukwera mpaka woyamba, ndipo limavomereza luso limene munthu anaphunzira pogwira nchito. Womanga amayesedwa pomanga: kuyala maziko, kukweza ngodya yoongoka, kusakaniza simenti ndi mcenga pa muyeso woyenera. Maesowo amacitikira kumasukulu a zaumisiri ovomerezedwa, ndipo odziwika m'cigawo cino ndi monga a ku Chipata ndi Ukwimi. Maofesi a cigawo amene anthu a ku Chama amapitako alinso ku Chipata, pakuti bomali, limene linasamutsidwira ku cigawo ca Muchinga pamene cinapangidwa mu 2011, linabwezedwa kum'mawa mu 2021. Koma polembetsa maesowo adzafunsidwa citupa, ndipo dzina la pa citupaco ndi limene lidzalembedwa pa setifiketi. N'cifukwa cake reji iyenera kutsogola.

Kalata ya umboni

Cotsala ndi mboni. Mlendo alibe bwana wakale wapafupi womuchula, ndipo makalata ambiri amene anthu amabwera nao sathandiza cifukwa amangoti munthuyu ndi wakhalidwe labwino ndi wolimbikira. Kalata yothandiza imachula nchito yeniyeni: anamanga nyumba ya zipinda zingati, m'mudzi uti, kuyambira mwezi uti kufikira uti, ndipo wolembayo ndani, ali ndi udindo wanji, apezeka pa foni iti. Ya mkulu wa sukulu, ya m'busa kapena ya a nyakwawa yokhala ndi cidindo imalemera kuposa ya mbale. Zithunzi za nyumba zimene anamanga, iye ali pomwepo, zimacirikiza kalatayo. M'dera laling'ono ngati Chifunda, cimbudzi cimodzi comangidwa bwino pa chalichi cingakhale mboni imene kontrakitala angapite kukaiona yekha.

Ambiri amene alephera kudutsa pa reji kapena pa cilolezo amathera m'maganyu, m'minda ya mpunga kapena pothandiza omanga. Kumeneko vuto lodziwika n'lakuti nchito ikatha malipiro amadulidwa kapena kucedwetsedwa, ndipo wodandaula amakumbutsidwa kuti alibe mapepala. Citetezo cimene cilipo n'cocepa koma si cacabe: kupangana mtengo pamaso pa mboni monga a nyakwawa, kulemba masiku ogwira nchito m'kabuku, ndi kulandira malipiro m'zigawo m'malo modikira mapeto.

Amene walembedwa mwa lamulo ali ndi cina coonjezera. Lamulo la nchito la mu 2019 likuti pangano la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo lilembedwe, ndipo nchito ikatha wolemba nchito apereke cikalata cosonyeza dzina la wanchito, udindo umene anali nao ndi nthawi imene anagwira. Makontrakitala a m'cigwa amasamuka cimango cikangotha, kawirikawiri mvula isanagwe, ndipo kuwapezanso n'kovuta. Cikalataco ciyenera kupemphedwa pa tsiku la malipiro otsiriza, katundu asanakwezedwe pa galimoto.